Apu ikufuna khadi, ine ndili ndi Mpamba basi

"Achimwene, ndimakhala kwa Chitakale. Pali apu yophunzirira masamu yomwe mwana wanga akufuna, koma ikuti ndilipire mwezi ndi mwezi pa khadi. Ine kubanki ndilibe akaunti. Kodi ndingalipire ndi Mpamba kapena mayunitsi?"

Mayi, kalata yanuyi yanditokosa pachilonda. Nthawi yomwe ndinkatsuka zithunzi za maukwati ku Luchenza ndinakopeka ndi apu ina yokonzera zithunzi. Inati sabata yoyamba ndi yaulere, bola ndilembe nambala ya khadi. Ndinabwereka khadi la mlamu wanga wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndikumulumbirira kuti sipachoka ngakhale tambala. Nditamaliza zithunzi za ukwati umodzi ndinaifufuta apuyo mufoni, mtima n'kukhala m'malo. Patatha miyezi itatu mlamu anafika m'mawa wa chiperoni, jekete ili chinyowere, atagwira pepala la kubanki. Sanakhale n'komwe pampando. Anangoloza ndi chala mizere itatu yofanana. Mpaka lero tikakumana pamaliro amandipatsa moni wa dzanja limodzi.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti kufufuta apu sikuthetsa pangano. Pangano lili pa akaunti yanu ya Google, osati mufoni, ndiye tsiku likakwana ndalama imachoka yokha, kaya foniyo inagwera mumtsinje wa Ruo. Ndipo ndinene mosapsatira: mawu akuti "yaulere" pamene akukupemphani khadi ndi nyambo. Amadziwa kuti tidzaiwala.

Za mayunitsi nazo zili ndi nkhani yake. Mayunitsi ndi ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money ndi matumba awiri osiyana. Zomwe zimadula mayunitsi nthawi zambiri ndi tinthu tating'ono togulitsidwa kudzera pa netiweki yanu yomweyo: nyimbo yoti woimba foni azimva, zotsatira za mpira, timasewera. Timadula pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo mumazindikira pamene mwathira K500 madzulo, osaimbira munthu, m'mawa n'kupeza yaperewera. Ambiri timalembetsa mosadziwa, chala chikangogunda pachithunzi chotsatsa malonda. Azakhali anga ku Limbuli ankati foni yawo yalodzedwa. Uthenga wolembetsawo unali momwemo mufoni, pamodzi ndi mawu otumiza kuti zisiye, koma unali m'Chingerezi.

Nanga mulipira bwanji?

Yambani mwaona ngati eni apuyo ali ndi njira yakonkuno. DStv timalipira pa *444# kapena *211# chifukwa ili pamndandanda wa mabilu. Apu yanunso ikakhala ya anthu a m'Malawi muno, kawirikawiri amalandira ndalama za pafoni. Ikakhala yakunja, yolipirira mu Play Store, tsegulani Payments & subscriptions kenako Payment methods. Zomwe zikuoneka pamenepo ndi zokhazo zomwe akulola. Ngati dzina la netiweki yanu palibe, mayunitsi sathandiza, ngakhale mutathira a K20,000.

Chotsala ndi khadi lomangirira ku ndalama za pafoni. TNM Mpamba ili ndi lake la Mastercard lotchedwa Khadi Mbambande, losafuna akaunti ya kubanki. Musanalitenge funsani kushopu kwawo zinthu ziwiri: ngati likulipira zakunja pa intaneti panopa, ndi malire ake pamwezi. Vuto la ndalama zakunja lino limakhudza makadi onse, a kubanki omwe.

Mtengo muziuwerengera m'madola. Tiyerekeze apu ndi ya $4.99 ndipo dola ili pa K1,750. Zikukwana pafupifupi K8,730, musanaonjezere zodula za kasinthidwe ka ndalama, choncho ikanimo K10,000. Mukaika yokwanira ndendende, likana. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Apu yomweyo, madola omwewo, koma makwacha ochoka anakwera.

Anyamata ogulitsa manambala a mphatso a Google Play pa WhatsApp musawayandikire. Nambala yogulidwa ku Amereka imagwira pa akaunti ya ku Amereka yokha, ndipo ikakana wogulitsayo simumuonanso.

Mukangolipira, tsiku lomwelo bwererani ku Payments & subscriptions, lowani pa Subscriptions, dinani Cancel subscription. Pa Play Store mwezi womwe mwalipira kale mwanayo aphunzirabe mpaka uthe. Akaikonda, mudzalipiranso nokha mwezi wamawa.