Chiganizo chabodza chimene chinandidyera malikisi

"Achemwali, pa mayeso a ekonomikisi anatipatsa ziganizo khumi kuti tisiyanitse za pozitivi ndi za nomativi. Ine ndinkangosaka pamene pali mawu oti 'kuyenera', monga anatiphunzitsira, koma ndakhoza zinayi zokha. Kodi ndikuphonya pati?"

Mwanditokosa pachilonda chakale, achemwali anga. Inenso phunziro lomweli, losiyanitsa ziganizo za pozitivi zonena mmene zinthu zilili ndi za nomativi zonena mmene munthu akufunira kuti zikhalire, linandigwetsa chagada ndili chaka choyamba ku koleji, ndipo chiganizo chimene chinandipweteka ndimachikumbukira mpaka lero: "Kwacha ikachepa mphamvu, katundu wochokera kunja amatsika mtengo."

Ine ndinakulira kuseri kwa kauntala ya okala ya mayi anga. Ntchito yanga inali yofufuta mitengo pamakatoni n'kulemba yatsopano, ndiye zoti kwacha ikagwa sopo ndi mafuta ophikira zimakwera sindinachite kuwerenga m'buku. Nditaona chiganizocho ndinaseka chamumtima. Ndinati ili ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo poti ndi bodza, ndiye kuti ndi maganizo chabe a munthu. Ndinalemba kuti nomativi, n'kudula mzere kunsi kwake modzikhulupirira. Pepala pobwera, panali mtanda wofiira.

Ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi mtima uli phuthuphuthu, pepala lili m'manja, kukawauza kuti achonga molakwika. Ndinawapeza akudya mtedza wokazinga wa m'kapepala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji kuti ndi bodza?" Ine ndi mwano wanga ndinati aliyense akhoza kupita kumsika, aone mitengo kwacha isanagwe, adzaonenso itagwa. Iwo anangoti, "Ndiye mwadzichonga nokhatu," n'kupitiriza mtedza wawo.

Ndinatuluka nditakwiyabe, mpaka madzulo ndili kuchapa m'pamene zinandilowa. Chiganizo cha pozitivi chimanena za mmene zinthu zilili, zinalili kapena zidzakhalire, mwa njira yoti umboni ukhoza kuchivomereza kapena kuchitsutsa. Sichifunika kukhala choona. Ine ndinatha kunena kuti chija ndi chabodza chifukwa chinali choyezeka, ndipo kuyezekako ndiko kunachipanga pozitivi. Dzina lakenso limasocheretsa, chifukwa ena amaliyesa kuti likutanthauza nkhani yabwino. "Anthu osowa ntchito achuluka" ndi pozitivi ngakhale palibe chosangalatsa pamenepo, monga momwe zotsatira za kuchipatala zimatha kubwera pozitivi munthu n'kulira.

Tiyeni titenge zimene tonse tinaziona. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Katundu wa madola 10 amene wamalonda ankamulipira makwacha 11,800 anayamba kufuna 17,000. Sabata imeneyo m'minibasi aliyense anali katswiri wa zachuma. Bambo wina anati feteleza akwera. Imeneyo ndi pozitivi, pitani kwa ogulitsa mukaone. Wina anati kugwetsa kwachaku kuthetsa vuto la kusowa kwa madola m'mabanki, anthu n'kumuwowoza. Imeneyonso ndi pozitivi, ngakhale ikunena za m'tsogolo ndipo basi yonse inamukana, chifukwa pakapita miyezi mukhoza kukaona ngati madolawo akupezeka kapena ayi. Kukangana kwa anthu sikusandutsa chiganizo kukhala nomativi.

Ndiye mayi wina wa kumpando wakumbuyo anati, "Boma silinayenera kutichita zimenezi." Apa mpamene umboni umathera panjira. Tinene kuti mayiyu ndi mphunzitsi, malipiro ake sanasinthe koma shuga wakwera. Pambali pake pakhale mlimi wa fodya, amene fodya wake amagulidwa m'madola, ndiye dola iliyonse ikumupatsa makwacha ambiri kuposa kale. Awiriwa akhoza kugwirizana pa nambala iliyonse, kuti uyu waluza zakuti, uyu wapindula zakuti, koma n'kusiyanabe pa funso loti kodi zinali zoyenera. Chatsala pakati pawo ndi choti kulira kwa ndani kulemere kwambiri pasikelo, ndipo palibe kafukufuku amene angayeze chimenecho. Nomativi ndi imeneyo. Mfundoyi ndi yakale. David Hume wa ku Scotland anadandaula m'zaka za m'ma 1700 kuti olemba amayamba ndi "zili chonchi" kenako n'kulumphira pa "ziyenera kukhala chonchi" osanena kuti awoloka bwanji, ndipo John Neville Keynes, bambo ake a John Maynard Keynes, katswiri wotchuka wa zachuma uja, anaika malire amenewa pa maphunziro a zachuma mu 1891.

Tsono njira yosaka "kuyenera" imene anakuphunzitsaniyo ndi ya ulesi, ndipo ine ndikuti aphunzitsi aisiye. M'Chichewa chathu chomwechi mawuwa ali ndi nkhope ziwiri. Ndikati "pofika pano ayenera kuti afika ku Dedza", sindikulamula munthu kuti afike, ndikungoyerekeza. Chimodzimodzi "chimanga chiyenera kutsika mtengo anthu akayamba kukolola". Ameneyo ndi munthu amene akulosera, ndipo Meyi akafika tidzadziwa ngati ananama. Chingerezi cha pamayeso chilinso ndi msampha womwewo. Kwinaku chiganizo chikhoza kukhala nomativi popanda "kuyenera" ngakhale mmodzi: "mtengo wa chimanga wakwera mopyola muyeso." Muyeso wa ndani? Wogula ku Ndirande ndi mlimi amene wasunga matumba ake ku Mchinji sangakupatseni muyeso umodzi.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri si ana asukulu ayi, koma akuluakulu a mataye amene amalankhula pawailesi. Munthu amayala manambala mphindi zisanu, onse oona, kenako n'kutsiriza kuti "choncho sabuside wa feteleza athe", ngati kuti manambalawo ndi amene alamula. Sanalamule kanthu. Kuti pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo imene inayamba mu 2005 imadya ndalama zingati ndiponso imawonjezera matumba angati, zimenezo tiwerengere limodzi. Koma kuti ndalamazo n'zabwino kupita kwa mlimi wa ekala imodzi kapena ku misewu ndi mankhwala, pamenepo katswiriyo akulankhula ngati nzika, ndipo liwu lake silimaposa la agogo anga. Kukhala ndi maganizo si mlandu, nanenso ndili nawo anga pa sabusideyu. Ndimadana ndi kuwaveka jekete ya manambala kuti ife tiope kutsutsa.

Nanga pamayeso?

Pa chiganizo chilichonse, yerekezani kuti anthu awiri akukangana, inu mwawabweretsera umboni wonse umene ungapezeke. Ngati mmodzi angakakamizike kuvomera kuti walakwa, lembani pozitivi, kaya chiganizocho n'choona, chabodza kapena cha m'tsogolo. Ngati angathe kuvomera umboni wonse n'kumakanganabe, lembani nomativi.

Manambala asakunamizeni. "Boma lizipereka 10 peresenti ya bajeti ku ulimi", monga maiko a mu Africa analonjezana ku Maputo mu 2003, ndi nomativi ngakhale muli nambala, pomwe "chaka chatha boma linapereka 10 peresenti" ndi pozitivi. Chenjeraninso ndi ziganizo zonena za maganizo a ena. "Msonkho wa apa ndi wopanda chilungamo" ndi nomativi, koma "amalonda ambiri a mu Limbe amati msonkhowu ndi wopanda chilungamo" ndi pozitivi, chifukwa mukhoza kutenga kope n'kukawafunsa mmodzimmodzi. Nditumizireni ziganizo zisanu ndi chimodzi zimene munalakwazo, ndikuganiza kuti ziwiri kapena zitatu ndi za mtundu womalizawu.