Dzina lalitali silikwana pa kansalu ka pakhosi

Funso: "Ndikufuna shopu yanga yosoka itchedwe Chisomo cha Mulungu Fashoni ndi Zosokasoka. Kodi dzinali likhala bwino pa lebulo ya zovala, lisiti ndi chikwangwani?"

Achemwali, pa chikwangwani likwana, koma yambirani pa lebulo chifukwa ndiye pothina. Kansalu kosokerera pakhosi nthawi zambiri kamakhala masentimita 5 m'litali, ndipo m'mbali mumapinda kuti singano idutsepo. Dzina lanulo lili ndi zilembo 37. Mukazipanikiza pamenepo, ulusi wolukira zilembo umagundana, "e" ndi "o" n'kumaoneka ngati timadontho. Chovala chikachapidwa kangapo ndiye basi, sizingawerengeke.

Ine ndikanatenga "Chisomo" yekha, zilembo 7, n'kumuika pa lebulo. Zinazo zikhale kamzere kam'munsi pa chikwangwani ndi pa chidindo cha lisiti, kuti odutsa adziwe kuti mumasoka. Komatu a Chisomo ndi ambiri, choncho onjezerani liwu lalifupi lokusiyanitsani ndi anzanu, ngati "Chisomo Ulusi".

Musanalipire wolemba chikwangwani, lembani dzinalo ndi bolopeni pa kapepala ka masentimita 4, mupatse munthu awerenge atatambasula dzanja. Akayamba kutsinzinira, lifupikitseninso.