Zizindikiro zoyenera lipoti la mwezi lochokera pa mafomu ochongapo

"Bungwe lathu ndi laling'ono, tili ndi makalabu 12 ophunzitsa ana kuwerenga akaweruka kusukulu. Odzipereka athu amachonga timizere pa fomu ana akabwera, ndipo mafomuwo amabwera kuofesi mwezi ukatha. A bodi akufuna lipoti la mwezi ndi mwezi. Kodi tisankhe zizindikiro ziti? Panopa tili nazo 23 ndipo zikutisokoneza."

Yambirani pa fomuyo, musayambire pa zimene a bodi angakonde kumva. Ikani fomu imodzi yodzaza patebulo pamodzi ndi mndandanda wanu wa 23 uja, ndipo pa chizindikiro chilichonse mufunse kuti nambala yake ikuchokera m'bokosi liti. Ngati simungaloze bokosilo ndi chala, chizindikirocho si cha lipoti la mwezi. Funso lachiwiri ndi lakuti, nambalayi ikatsika mwezi uno, ndani adzachitepo kanthu, ndipo adzachita chiyani? Zimene zapulumuka mafunso awiriwa kawirikawiri sizipitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo zimenezo ndi zokwanira.

Chofunika kuchimvetsa kwambiri ndi chakuti kamzere pa fomu sikaimira mwana, kamaimira kubwera kamodzi. Mwana amene wabwera kasanu ndi katatu pa mwezi wasiya timizere 8, ndipo fomu ilibe njira yokuuzani kuti onsewo ndi a munthu mmodzi. Choncho chizindikiro chakuti "ana amene tawafikira" simungachitenge pa timizere. Chimenecho chimachokera m'kaundula wa mayina. Malipoti ambiri amagwa pamenepa: amaphatikiza timizere tonse n'kulemba kuti ndi ana, ndipo pofika mwezi wachitatu chiwerengerocho chimaposa ana onse a m'deralo.

Tiyerekeze ndi manambala. Kalabu iliyonse imakumana kawiri pa sabata, ndiye mwakonza misonkhano 8 pa mwezi. Mwezi watha makalabu onse 12 anatumiza mafomu, anakumana maulendo 90 mwa 96, ndipo timizere tinakwana 1,800. Mwezi uno mafomu abwera kuchokera ku makalabu 10 okha, misonkhano 68, timizere 1,496. Wowerenga lipoti akaona 1,800 kenako 1,496 aganiza kuti ana ayamba kuthawa. Koma gawani timizere ndi misonkhano: mwezi watha munali ana 20 pa msonkhano uliwonse, mwezi uno muli 22. Ana sakuthawa ayi, akuwonjezeka. Mavuto enieni ndi awiri ena, ndipo nambala yaikulu ija yawabisa onse: makalabu awiri sanatumize mafomu, ndipo amene atumiza aphonya misonkhano 12 mwa 80.

N'chifukwa chake chizindikiro choyamba pa tsamba chikhale makalabu amene atumiza mafomu pofika tsiku loikika, apa 10 mwa 12, kapena 83 peresenti. Ambiri amachiona ngati cha m'ofesi chabe, koma popanda icho manambala ena onse sangayerekezedwe ndi a mwezi wina. Chachiwiri chikhale misonkhano yochitika poyerekeza ndi yokonzedwa, 68 mwa 80, yomwe ndi 85 peresenti. Onani kuti tagawa ndi 80, osati 96, chifukwa za makalabu awiri aja sitikudziwa kanthu. Mwina anakumana, mwina ayi. Chachitatu ndi avereji ya ana pa msonkhano, 22 uja. Ngati kaundula akusonyeza ana 300 m'makalabu 10 amenewa, ndiye kuti ndi 30 pa kalabu, ndipo 22 mwa 30 ndi 73 peresenti ya olembetsa. Ichi chingakhale chachinayi. Chachisanu ndi ana atsopano, koma pokhapokha ngati fomu ili ndi bokosi lakelake loti "wabwera koyamba". Ngati lilibe, lionjezeni. Bokosi limodzi limeneli ndi limene lingakuthandizeni kudziwa pa chaka kuti ana atsopano onse analipo angati, chifukwa mwana amachongedwamo kamodzi basi.

Nthawi zonse lembani nambala ziwiri zonse pambali pa peresenti. "85 peresenti" payokha siuza munthu ngati ndi 68 mwa 80 kapena 17 mwa 20.

Powerengera avereji pali msampha. Musapeze avereji ya kalabu iliyonse kenako n'kupeza avereji ya maaverejiwo. Kalabu imene inakumana maulendo 8 ndi ana 30 ulendo uliwonse ili ndi timizere 240, ina imene inakumana kawiri ndi ana 10 ili ndi 20. Avereji ya 30 ndi 10 ndi 20, koma yoona ndi 260 kugawa ndi 10, yomwe ndi 26. Ngati mumalemba pa kompyuta, misonkhano ili mu danga C ndipo timizere mu danga D, chitani chonchi:

```
=SUM(D2:D13)/SUM(C2:C13)
```

Kalabu imene sinatumize fomu isiyireni danga lopanda kanthu, musailembere 0. Ziro amatanthauza kuti fomu yabwera ndipo ikunena kuti sanakumane. Odzipereka nawonso auzeni zomwezo, kuti tsiku limene msonkhano walephereka alembe 0 ndi chifukwa chake m'mawu awiri kapena atatu.

Pa nkhani yogawa manambala, atsikana ndi anyamata n'zokwanira poyamba. Mukawonjezera magulu atatu a zaka, mabokosi akhala 6, ndipo munthu amene akuyang'anira ana 25 nthawi yomweyo sangafunse zaka za aliyense, angolota. Kugawa pawiri kuli ndi phindu linanso: atsikana ndi anyamata akaphatikizidwa ayenera kufanana ndi nambala ya onse, ndipo akasiyana mwapeza cholakwika musanalembe lipoti.

Zizindikiro monga "ana amene ayamba kuwerenga bwino" musazitaye, koma zichotseni m'lipoti la mwezi. Fomu yochongapo siyeza luso, ndipo luso silisintha moonekera m'masabata anayi. Zimenezo zimafuna kayeso kakang'ono kofanana kwa ana omwewo, mwina kamodzi pa teremu, ndi lipoti lakelake. Chimodzimodzinso "ana amene abwera maulendo 6 kapena kuposa": n'chizindikiro chabwino kwambiri, koma chimafuna kaundula wochonga dzina ndi dzina.

Mukasankha, chizindikiro chilichonse chilembereni tanthauzo lake pa pepala limodzi: chikuwerenga chiyani, bokosi lake ndi liti, mukugawa ndi chiyani, ndipo akuwerengera ndani. Mugwirizanenso zinthu zooneka zazing'ono, monga ngati mwana wofika msonkhano uli pakati amachongedwa, kapena mng'ono wake wongoperekeza. Kalabu ina ikamawachonga ina ayi, kusiyana kumene mudzaone kudzakhala kwa kachongedwe, osati kwa ana. Ikani tsiku lotsekera, mwachitsanzo pa 5 mwezi wotsatira. Fomu yochedwa ilowe m'mwezi umene ntchitoyo inachitika, ndipo mu lipoti lotsatira mulembe kuti nambala ya mwezi uja yakonzedwa.

Mwezi uliwonse tengani mafomu awiri mwachisawawa, muwerengenso timizere ndi kuyerekeza ndi nambala yolembedwa pansi. Fomu imene ili ndi ana 25 pa misonkhano yonse 8, kapena manambala onse othera ndi 0 ndi 5, kapena yolembedwa mwaukhondo ndi cholembera chimodzi ngati yadzazidwa pa nthawi imodzi, nthawi zambiri imakhala kuti yalembedwa pamtima mwezi utatha. Kalabu yoteroyo ipiteni mukaione tsiku la msonkhano, muwerenge ana nokha, ndipo mufunse ngati wodzipereka amakhala ndi fomuyo m'manja pa nthawi ya msonkhano kapena amaisiya kunyumba.