M'mimba mukuwotcha sabata yathunthu

"Adokotala, ndatha sabata m'mimba mukuwotcha ngati moto, pamwamba pa mchombo apa, makamaka usiku komanso ndikakhala ndi njala. Ndikadya pamaleka pang'ono. Chingakhale chiyani?"

Achemwali musadikire kuti akuyankheni pa foni, mawa lomwe pitani kuchipatala. Ine zinayamba chonchi ndithu ndipo zinali zilonda za m'mimba, maalusa aja. Nthawi imeneyo msana unkandivuta ndi khasu kudimba, ndiye ndinkangogula bulufeni ndi indosidi pa golosale nkumamwa m'mawa osadya kanthu, osadziwa kuti mankhwala amenewa amanyula m'mimba. Pakawotcha ndimamwa mkaka, pamazizira kaye kenako moto umabwerera kuposa poyamba.

Ndinapita pa kakiliniki kena kolipira, bambo amene ndinamupeza uja sanandigwire nkomwe pamimba, maso ali pa foni, akuti ndi malungo amenewo, osayeza magazi, nkundipatsa LA ndi bulufeni yemweyo!! Ndalama zanga analandira bwinobwino. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Patatha masiku anayi, unali Okutobala, kutentha kwa ku Ngabu mukukudziwa, tinagona panja pa mphasa. Cha m'ma 2 koloko ndinadzuka ndi nseru, kusanza zinthu zakuda ngati khofi wosasefa, chimbudzi nacho chakuda bii ngati phula, chonanda, fungo lake losaneneka. Poti ndiimirire maso anachita mdima, thukuta lozizira thupi lonse kunja kukutentha chonchija, ndinagwera pa ndowa. Mayi a kunyumba akulira kudzutsa mnyamata wa njinga yamoto, anandimangirira kumsana kwake ndi chitenje kuti ndisagwe panjira. Kuchipatala anati chilonda chakhala chikutaya magazi mkati, anandiika magazi mapaketi awiri.

Pambuyo pake anayeza chimbudzi, papepala analemba H. pylori, kachilombo kokhala m'mimba kamene kamayambitsa zilondazi. Anandipatsa omepurazo womwa m'mawa ndisanadye, pamodzi ndi ma antibayotiki a mitundu iwiri kwa masiku 14. Ena amakuwawitsa mkamwa koma malizani onse, mukasiyira panjira kachilomboko sikafa.

Ndiye inu mukafika auzeni zonse zimene mwakhala mukumwa, ngakhale za pa golosale, ndipo ngati muli oyembekezera nenani. Pemphani akuyezeni, musalole kungolemberedwa. Bulufeni, indosidi, asipulini ndi dikulofenaki siyani lero, mutu ukawawa panado basi. Mowa ndi fodya ayi, tsabola naye mupumitseni kaye. Yang'anani chimbudzi chanu tsiku lililonse, chikada kapena mukasanza magazi, kapena mimba ikauma gwa ngati thabwa ndi ululu wadzidzidzi, musadikire kuche.

Koma amvereni adokotala, iwo ndi amene anaphunzira, ife a pa gulu pano tikhoza kukusokeretsani. Kungoti akakuuzani za malungo asanakubayeni chala, nyamukani mukaonane ndi wina.