Akonzi andibwezera nkhani ya kafukufuku chifukwa cha kasanjidwe

Funso: Achimwene, ndine namwino ndipo ndinafupikitsa thesisi yanga n'kuitumiza ku magazini ya zaumoyo. Aibweza osaiwerenga. Akufuna pepala la A4, mphepete za masentimita 2.5 mbali zonse, mizere yotalikirana kawiri, chidule chosapitirira mawu 250 chokhala ndi timitu, ndi marefarensi a Vancouver. Changa chili ndi mawu 340, marefarensi alipo 46 ndipo ndi a APA. Ndikasintha mphepete mu Word zikungosintha masamba atatu oyamba. Kodi laputopu yanga yafa?

Yankho: Laputopuyo ilibe mlandu, achemwali. Fayilo yanu ndi yodulidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimasunga mphepete zakezake. Mafayilo ochokera ku thesisi amabwera ali chonchi pafupifupi onse, chifukwa masamba oyamba amakhala ndi manambala achiroma, kenako pamabwera tebulo lalikulu limene wina analigoneka chopingasa. Inu mukusintha chigawo choyamba chokha, zinazo sizikumva.

Pangani kaye kope lina la fayiloyo, kenako dinani `Ctrl+Shift+8`. Ichi ndicho chinthu choyamba chimene ndimachita munthu akandipatsa fayilo, asanamalize n'kufotokoza komwe. Batani lake lili pa `Home`, lili ndi chizindikiro cha ¶. Limaonetsa zonse zobisika zimene pirintala sisindikiza koma zimene zimalamulira kakhalidwe ka tsamba. Kadontho pakati pa mawu ndi mpata umodzi. Kamuvi kolozera kumanja ndi `Tab`. Chizindikiro cha ¶ ndi pamene munadina `Enter`. Mzere wa timadontho wolembedwa `Section Break` ndiye malire a chigawo amene akukuvutaniwo.

Tsikani nayo fayilo yonse pang'onopang'ono, musathamange. Mukaona ma ¶ khumi ataima mondondozana popanda mawu, ndiye kuti wina ankakankha mutu kuti upite patsamba lina podina `Enter` mobwerezabwereza. Mukaona timadontho makumi awiri kutsogolo kwa mutu, wina ankauika pakati ndi batani la mpata. Zimenezi zimandikwiyitsa, chifukwa zimaoneka bwino tsiku limene mwazichitalo basi. Mukangotalikitsa mizere kapena kusintha pepala, zonse zimasuntha, mitu imagwera pansi pa tsamba, patsogolo pake n'kutsala tsamba loyera. Ndiye anthu amayamba kukonza tsamba ndi tsamba, usiku wonse, mawa lake n'kuwonjezera ndime imodzi ndipo zimasokonekeranso. Ndimaonanso ¶ kumapeto kwa mzere uliwonse, ngakhale pakati pa chiganizo. Pamenepo sindifunsanso, ndimadziwa kuti fayilo inataika ndipo mwini wake anaibweza kuchokera ku PDF ndi timapulogalamu taulere ta pa intaneti. Fayilo yotere imafuna kulumikiza mizere ndime iliyonse, ndipo ngati yoyambirira ilipo penapake mu imelo, kaifuneni, ndi yachangu kuposa kukonza yowonongekayo.

Zinyalala zambiri zimachoka ndi `Ctrl+H`. M'bokosi lapamwamba lembani choyambacho, m'munsi lembani chachiwiricho, ndipo dinani `Replace All` mobwereza mpaka ikuuzeni kuti yasintha 0.

```
^p^p  →  ^p
^p^t  →  ^p
```

Mzere woyamba ukuchotsa ndime zopanda kanthu, wachiwiri ukuchotsa `Tab` wa kumayambiriro kwa ndime. Chitaninso chimodzimodzi ndi mipata iwiri, isanduke umodzi. Malire a zigawo amapezeka polemba `^b`, koma amenewa musawafufute onse nthawi imodzi. Mukachotsa malire, mawu a pamwamba pake amatengera kakhalidwe ka chigawo cha m'munsi. Ngati cha m'munsicho ndi cha tebulo logona lija, masamba onse a pamwamba agona nawo. Achotseni amodziamodzi, ndipo musiye awiri okha amene azungulira tebulolo.

Tsopano mphepete. Pitani `Layout`, `Margins`, `Custom Margins`, lembani 2.5 m'mabokosi onse anayi, ndipo pansi pamene palembedwa `Apply to` sankhani `Whole document`. Apa ndi pamene munaphonya. Onaninso kuti `Gutter` ili pa 0, chifukwa thesisi imasiyidwa mpata waukulu kumanzere woti aisoke, pomwe magazini safuna zimenezo. Ngati mabokosiwo akuwerenga mainchi, lembani `2.5 cm` momwemo, Word imamva. Pa `Paper` sankhani A4, imene ndi masentimita 21 ndi 29.7. Makompyuta ambiri amabwera ali pa `Letter`, pepala la ku Amereka, lalifupi komanso lotambalala pang'ono. Mukatha kayang'aneni tebulo lija, ngati laimirira dinani m'kati mwake n'kulibwezera pa `Landscape`. Ndime ina ikakana kufola ndi zinzake, si mphepete ayi, wina anakoka kachizindikiro ka pa rula. Dinani m'ndimemo kenako `Ctrl+Q`.

Mizere yotalikirana kawiri ndi `Ctrl+A` kenako `Ctrl+2`. Ngati malangizo atchula manambala a mizere, ali pa `Layout`, `Line Numbers`, `Continuous`.

Mitu musaikonze ndi dzanja. Dinani pa mutu waukulu kenako `Ctrl+Alt+1`, pa kamutu kakang'ono `Ctrl+Alt+2`. Idzasanduka yabuluu, musadabwe. Dinani kumanja pa `Heading 1`, sankhani `Modify`, ikani mtundu ndi kukula kwa zilembo kumene magazini akufuna, ndipo mitu yonse isinthira limodzi. Tsegulani `Navigation Pane` pa `View`, mutu umene sukuoneka pamndandandawo ndiye kuti mwaudumpha. Manambala a machaputala, monga 3.2.1, achotseni ngati nkhani zimene magaziniyo inasindikiza kale zilibe manambala otere. Tsitsani imodzi ya chaka chino muike pambali panu, imayankha mafunso ambiri amene malangizo sanatchule.

Chidulecho ndi ntchito yanu, ine sindingakuchotsereni mawu 90. Chomwe ndingakuuzeni ndi kumene amabisala. Pafupifupi aliyense amene wandibweretsera chidule chachitali amakhala atawononga ziganizo zinayi kapena zisanu kufotokoza kuti matendawo ndi vuto lalikulu padziko lonse. Siyani chimodzi ndi cholinga cha kafukufuku wanu. Zotsatira ndi manambala ake musazikhudze, ndi zimene mkonzi amayang'ana. Timitu take kawirikawiri ndi `Background`, `Methods`, `Results` ndi `Conclusion`, koma tengani ndendende tomwe alemba m'malangizo, ndipo refarensi musaikemo. Powerenga, detsani chidule chokhacho ndipo nambala ioneka pansi kumanzere kwa sikirini. Word imawerenga potengera mipata, ndiye `p < 0.05` ndi mawu atatu pomwe `p<0.05` ndi amodzi. Lekezani cha pa 240, chifukwa bokosi lomatamo chidule potumiza limatha kuwerenga mosiyana pang'ono, timitu tija n'kulowanso m'chiwerengero.

Marefarensi ndiye adya nthawi yanu yambiri. Dinani `Alt+F9` n'kuyang'ana pamene munatchula wolemba ndi chaka. Pakatuluka mawu oyamba ndi `ADDIN ZOTERO_ITEM` kapena `ADDIN EN.CITE`, mwapulumuka, marefarensiwo ndi amoyo ndipo pulogalamu imene inawaikayo iwasintha yokha. Mu Zotero, imodzi mwa mapulogalamu osanja marefarensi, ndi `Document Preferences`, n'kusankha `Vancouver`. Pakapanda kusintha chilichonse, ndiye kuti analembedwa ndi dzanja, ndipo ndikukayikira kuti anu ndi otero. Dinaninso `Alt+F9` kuti zibwerere mwakale.

Musataye nthawi kufufuza Vancouver pa `References` ya Word, mulibe. Muli APA, MLA, IEEE ndi ena. Ena amasankha IEEE poona kuti nayonso ndi ya manambala, koma kalembedwe kake ndi kena ndipo mkonzi amaizindikira msanga.

Kusiyana kwake ndi kwakukulu kuposa mmene anthu amaganizira. APA imasanja mndandanda motsatira alifabeti. Vancouver, imene inayamba pamene akonzi a magazini a zachipatala anakumana mumzinda wa Vancouver mu 1978, imapereka manambala motsatira mmene mwatchulira m'nkhani. Choyamba kutchulidwa ndi 1, chachiwiri ndi 2, ndipo mukatchulanso choyamba chija patsamba 12 chimakhalabe 1. Kungoika manambala pamndandanda wanu wa alifabeti ndi kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri. Maonekedwe a refarensi imodzi ndi awa:

```
Dzina AB, Dzina CD. Mutu wa nkhani. Dzina lachidule la magazini. 2019;31(2):45-52.
```

Zilembo zoyamba za maina zilibe madontho, chaka chasamukira kumapeto, ndipo olemba akapitirira asanu ndi mmodzi mumalemba asanu ndi mmodzi oyamba kenako `et al.` Dzina la magazini limafupikitsidwa, monga Malawi Medical Journal imakhala `Malawi Med J`.

Ndi marefarensi 46, musayese ndi dzanja. Ounika nkhani adzakuuzani kuti muwonjezere imodzi pakati, ndipo manambala onse otsatira adzafunika kusuntha. Ikani Zotero, ndi yaulere ndipo imabwera ndi kachigawo kolowa mu Word. Pamwamba pa Zotero pali kabatani kooneka ngati kandodo, mumamatapo DOI kapena PMID, nambala yozindikiritsa nkhani yosindikizidwa, ndipo imadzaza zonse yokha. Malipoti a unduna ndi mathesisi nthawi zambiri alibe manambala amenewa, muwalemba nokha, ndipo dzina la bungwe lilowe lonse m'bokosi limodzi kuti lisadulidwe ngati dzina la munthu. Kenako bwererani m'nkhani, fufuzani `, 20` ndi `(20` komanso `, 19` ndi `Ctrl+F`, ndipo paliponse fufutani zakalezo n'kuika zatsopano ndi `Add/Edit Citation`. Kumapeto dinani `Add/Edit Bibliography`. Mu `Document Preferences` chongani `Use MEDLINE journal abbreviations` kuti maina a magazini afupike. Werengani mndandanda umene watuluka. Ukakhala ndi 43 m'malo mwa 46, atatu mwawadumpha m'nkhani kapena sanatchulidwemo n'komwe chifupikitsireni thesisi, ndipo osatchulidwa sayenera kukhalapo. Onaninso ngati magaziniyo imafuna manambala m'mabulaketi kapena ang'onoang'ono okwera pamwamba, chifukwa Zotero ili ndi mitundu yonse iwiri.

Ntchito imeneyi musaichitire pa foni, ndipo fayilo musaitsegule n'kuisunga m'timapulogalamu ta pa foni, chifukwa tina timasandutsa marefarensi amoyo kukhala mawu wamba. Potumiza, pangani kope lina, dinani `Unlink Citations` pa kopelo n'kutumiza limenelo. Fayilo yamoyo isungeni, muifuna ndemanga za ounika zikabwera.