Kufufuta dzina la mwana sikokwanira: mungalembe bwanji nkhani ya kugwiriridwa?

Funso: Ndili chaka chachiwiri cha maphunziro a utolankhani, ndipo pano ndikuyeserera ntchito pa wayilesi ina ya m'dera. Tatumiziridwa chikalata cha apolisi chonena za bambo amene wamangidwa pomuganizira kuti anagwirira mwana wake womupeza wa zaka 14. Dzina la mwanayo mulibe, koma la bamboyo, mudzi ndi mfumu yake zilimo. Mayi a mwanayo akuti ndi okonzeka kuyankhula. Ndiwerenge chikalatacho mmene chilili? Nanga mayiwo ndiwajambule mawu?

Yankho: Musachiwerenge mmene chilili. Tengani cholembera mudule mzere pansi pa zinthu zinayi: dzina la bamboyo, mawu oti "mwana womupeza", zaka 14, ndi mudzi. Chilichonse pachokha mwina sichingaulule mwanayo. Mukaziwerenga pamodzi, aliyense wa m'mudzimo, aphunzitsi a mwanayo ndi anzake a m'kalasi adziwa amene mukunena musanamalize n'komwe chiganizo. Bambo uja ali ndi ana owapeza angati a zaka 14? Mmodzi. Pamenepo mwanayo mwamutchula ngakhale dzina lake silinatuluke pakamwa panu, ndipo mawa pa mjigo ndi pa bwalo la sukulu nkhani ikhala yake.

Zikalata za apolisi kuno kwathu zimakonda kuthera ndi kwawo kwa woganiziridwa: mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Pa mlandu wakuba mbuzi palibe vuto. Pa mlandu wa m'banja, kwawo kwa woganiziridwa ndi komwenso kumakhala wolakwiridwa. Musaganize kuti poti apolisi alemba ndiye kuti inu mwamasuka. Chikalata ndi chawo, koma mawu otuluka pa wayilesi ndi anu ndi mkonzi wanu.

Malamulo a ntchito yathu amakoka mbali ziwiri, ndipo n'chifukwa chake nkhani zotere zimavuta. Amati nenani zoona, anthu ali ndi ufulu wodziwa. Amatinso musaonjezere ululu kwa amene wavulala kale. Malamulo a bungwe la Media Council of Malawi amafuna kuti ana ndi anthu ochitidwa nkhanza zogonana atetezedwe kuti asadziwike. Lamulo la dziko losamalira ndi kuteteza ana la 2010 nalo limaletsa kuulutsa dzina, kokhala, sukulu kapena chilichonse chozindikiritsa mwana pa milandu ya m'bwalo la ana. Kumbukiraninso kuti chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho wa zaka 17 amene akuoneka wamkulu musamutenge ngati wamkulu.

Amene analongosola bwino msampha wanuwu ndi a ku Britain. Ndime 7 ya malamulo a akonzi a nyuzipepala, amene bungwe la IPSO limayang'anira, imati pa mlandu wogonana wokhudza mwana, wamkuluyo angathe kutchulidwa, mwanayo ayi, ndipo nkhaniyo isasonyeze mwa njira iliyonse ubale wa awiriwo. Cholinga chake n'chakuti nyumba zonse zofalitsa nkhani zibise chinthu chimodzi chomwecho. Wayilesi yanu ikatchula dzina n'kubisa ubale, nyuzipepala ina n'kutchula ubale n'kubisa dzina, womvera amene wapeza zonse ziwiri amangolumikiza.

Ndiye muli ndi njira ziwiri, ndipo musankhe imodzi. Yoyamba: "Apolisi m'boma lino amanga bambo wakutiwakuti, wa zaka 41, pomuganizira kuti anagwirira mwana wosakwana zaka 18." Ubale mulibe, zaka zenizeni za mwana mulibe, mudzi mulibe, ndipo musanene kuti zinachitika mayi atapita kumunda kapena kumaliro, chifukwa mawu amenewo akuulula kuti amakhala nyumba imodzi. Yachiwiri: "Apolisi amanga bambo wina pomuganizira kuti anagwirira mwana wake womupeza," popanda dzina, popanda mudzi ngakhale mfumu, boma lokha basi.

Ine ndingakulangizeni yachiwiri. Lamulo la ku Britain lija limayenda bwino mu mzinda waukulu momwe anthu oyandikana nyumba sadziwana. Wayilesi ya m'dera imamveka kwa anthu odziwana mpaka agogo awo, ndipo dzina la bambo lokha likwanira kuti ayambe kuwerenga ana a pakhomo pake. Komanso phindu la nkhaniyi kwa omvera lili pa ubalewo: makolo amve kuti choopsa nthawi zina chimagona m'nyumba momwemo. Mtengo wake ulipo, sindikubisirani. Woganiziridwayo wabisika nawo, ndipo ngati pali ana ena amene anawalakwira, mwina sabwera poyera. Ngati apolisi akufunafuna ana ena otere, kapena munthuyo wathawa, kambiranani ndi mkonzi za njira yoyamba. Musanasankhe, onaninso zimene ena aulutsa kale, kuti nkhani yanu isakhale chidutswa chomalizitsa chithunzi.

Za mayiwo. Kuvomera kwawo sikufafaniza ufulu wa mwana, chifukwa amene adzayenda ndi nkhaniyi moyo wonse ndi mwanayo. Mayi amene akuyankhula lero ali ndi mkwiyo, ndipo mwina sanaganize za achibale a mwamuna wawo, kapena kuti mawuwo adzadulidwa n'kuyamba kuzungulira pa Watsapu ndi pa Fesibuku zaka zambiri. Muwafotokozere zimenezi musanayatse chojambulira. Muwauze kumene mawuwo adzamveke, kuti angathe kukana funso lililonse, ndi kuti ali ndi mwayi wosintha maganizo nkhani isanaulutsidwe. Mukawaonere kumalo kosaonekera, osati pakhomo pawo ndi galimoto yolembedwa dzina la wayilesi, ndipo mwanayo asakhalepo. Iye musamufunse chilichonse. Wafotokoza kale kwa apolisi, mwinanso kuchipatala, ndipo kumubwerezetsa n'kutosa bala.

Mawu a mayiwo asamveke pa wayilesi. Ophunzira ambiri amakhulupirira makina osinthira mawu, koma makinawo amangosintha kamvekedwe ka liwu. Kayankhulidwe, kapumidwe ndi timawu timene munthu amakonda kubwereza zimatsala, ndipo mnansi amazindikira. Lembani zimene anena, muchotsemo mayina ndi malo, mnzanu wa pa wayilesi aziwerenge, ndipo muwauze omvera kuti mawuwo akuwerengedwa ndi munthu wina. Chithunzi cha pa tsamba la wayilesi nachonso chimodzimodzi: kamzere kakuda pamaso sikabisa chitenje chimene mudzi wonse umachidziwa, ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo.

Samalani ndi mafunso. "Munali kuti?" kapena "Simunaone zizindikiro?" ndi mafunso oweruza. Funsani zimene zachitika chikaneneni kupolisi, thandizo limene alandira ndi limene akusowa. Zokhudza umboni wa mlandu zisiyeni, popeza nkhani ikupita kukhoti ndipo mayiwo angakhale mboni. Polemba, bamboyo ndi "woganiziridwa" mpaka khoti litagamula. Musalembe kuti "anagonana" kapena "anali pa chibwenzi", chifukwa mwana sangavomere mwalamulo.

Chinthu chimodzi chifunseni musanayambe n'komwe za nkhani: kodi mwanayo wapita kuchipatala? Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ngati sanapite, zimitsani chojambulira, muwalozere ku chipatala kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitidwa nkhanza. Kumapeto kwa nkhani yanu tchulani nambala yaulere yothandiza ana, 116, ndipo mawu ojambulidwa aja muwachotse m'foni mwanu mukangowasunga pamalo otsekedwa ku ofesi.