Pa Methods, funsani kaye kuti ofufuzawo anayambira pati

"Mng'ono wanga ali chaka choyamba ku yunivesite. Apatsidwa pepala la kafukufuku wa zaumoyo lalitali kwabasi, akuti akafika pa Methods, gawo lofotokoza momwe anachitira kafukufukuyo, mutu umangoima. Wandipempha ndimulembere mwachidule. Ndiyambire pati abale?"

Achimwene, aliyense amene akuuzeni muno kuti werengani Abstract ndi Conclusion basi, zapakatizo n'za akatswiri, musamumvere. Malangizo amenewa ndi omwe amagwetsa ana a chaka choyamba, ndipo amandiwawa chifukwa owapereka sakhalapo tsiku lomwe mwana waima kutsogolo kwa kalasi, wanena nambala molimba mtima, mphunzitsi n'kufunsa kuti "nambala imeneyo ndi ya anthu ati?" Mwana amabwerera ku pepala, amatembenuza masamba, nambalayo ilipodi, sananame, koma sakudziwa kuti inachokera ku gulu liti. Anzake ayamba kale kuseka. Ndipo mphunzitsi wofunsayo nthawi zambiri ndi yemwe uja anangoponya pepalalo osaphunzitsa n'komwe kawerengedwe kake, kenaka n'kumalemba ndi cholembera chofiira kuti mwana sanamvetse. Akanamvetsa bwanji?

Musafupikitse ndime ndi ndime. Mukatero mungotulutsa Methods ina yaifupi koma yosamvekabe. Fufuzani kaye chinthu chimodzi: ofufuzawo anayambira pati? Anayamba ndi anthu odwala kale n'kuwafunsa zakale, kapena anayamba ndi anthu abwinobwino n'kuwatsatira kwa zaka, kapena anafunsa onse kamodzi kokha, kapena anagawa okha anthu m'magulu mwamaere? Tsegulani pepalalo pa kompyuta, dinani Ctrl+F, musake mawu awa limodzi limodzi, omwe ndi mayina a njira zinayi zija motsatana: case-control, cohort, cross-sectional, randomised. Kawirikawiri limodzi lipezeka m'ndime yoyamba ya Methods, ndipo ndi lomwe likuuzeni zimene pepalalo lingathe kunena ndi zimene silingathe.

Tengani pepala lotchuka la Richard Doll ndi Austin Bradford Hill la 1950 mu British Medical Journal, la fodya ndi khansa ya m'mapapo. Iwo anayambira pa odwala. Anagwira ntchito ndi zipatala 20 za ku London, ndipo mwa odwala khansa ya m'mapapo amene anawafunsa, amuna anali 649. Wodwala aliyense anamupezera mnzake womuyerekeza naye: wodwala matenda ena osati khansa, mwamuna ngati iye ali mwamuna, wa msinkhu wofanana m'magulu a zaka zisanuzisanu. Choncho amuna oyerekezera analinso 649. Kenaka onse anafunsidwa za kusuta kwawo. Mwa a khansa aja, awiri okha ndi amene sanali osuta. Mwa enawo, osasuta anali 27.

Apa ndi pomwe mwana wodumpha Methods amagwera m'mbuna. Amaona kuti 647 mwa 649 ankasuta, amawerengetsa n'kupeza 99.7 peresenti, ndiye amalemba kuti pafupifupi aliyense wosuta amadwala khansa. Si zimene nambalayo ikunena ayi. Ikunena kuti mwa odwala khansa, pafupifupi onse ankasuta. Ofufuzawo sanatenge osuta n'kudikira kuti aone angati adwale, anasankha dala anthu odwala kale, ndiye pepala lotere silingakuuzeni kuti mwa osuta 100 angati adzadwala. Komanso taonani gulu linalo: 622 mwa 649 ankasutanso, pafupifupi 96 peresenti, chifukwa nthawi imeneyo amuna ambiri ku Britain ankasuta. Nkhani yonse yagona pa kusiyana kwa 2 ndi 27. Mukachulukitsa 647 ndi 27, n'kugawa ndi zotsatira za 2 kuchulukitsa ndi 622, mupeza pafupifupi 14. Nambala yotereyi ndi imene mapepala a masiku ano amalemba kuti OR, kufupikitsa odds ratio, ndipo imaonetsa kuti kusuta n'kogwirizana kwambiri bwanji ndi matendawo. Doll ndi Hill omwewo mu 1951 anatembenuza njira: anatumiza mafunso kwa madokotala a ku Britain, n'kuyamba kuwatsatira kuti aone amene azimwalira ndi chomwe chawapha. Funso ndi lomwelo, poyambira n'posiyana, ndipo kafukufuku wachiwiriyu ndi amene akanatha kuwerengera imfa pakati pa osuta ndi osasuta.

Mukadziwa poyambira, sakani matanthauzo. Olemba amawabisa pakati pa ndime ngati kuti alibe ntchito. M'pepala la 1950, wosuta anali munthu amene anasutapo ndudu imodzi pa tsiku kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo. Ndiye amene anangolawa kangapo ali mnyamata anawerengedwa kuti ndi wosasuta. Mng'ono wanu akapanda kudziwa zimenezi adzalemba kuti awiri aja sanakhudzepo fodya chibadwire, zomwe pepalalo silinanene. Pepala lake lirinso ndi mawu otere, kaya ndi "kunenepa", "kuchira" kapena "umphawi". Pezani pomwe anadula malire, mulembe nambala yake momwe ilili.

Kenaka tsatirani n, chilembo choimira chiwerengero cha anthu. Lembani pambali chiwerengero cha anthu pa Methods, muyerekeze ndi cha pa Table 1, ndiponso cha pa tebulo la zotsatira. Chikatsika, pali anthu amene atayika panjira, ndipo chidule chanu chinene kuti ndi angati komanso chifukwa chake. Akatayika ambiri mbali imodzi kuposa inzake, pamenepo pali vuto ngakhale olemba atapanda kulitchula. Funsaninso kuti anafunsa mafunso ndani, ndipo ankadziwa chiyani. Kwa Doll ndi Hill, ofunsa nthawi zambiri ankadziwa amene akuganiziridwa khansa, zomwe zikanatha kuwachititsa kukumba kwambiri za fodya kwa ameneyo. Olembawo anayang'ana odwala amene poyamba ankaganiziridwa khansa ya m'mapapo koma pambuyo pake n'kupezeka alibe, ndipo kasutidwe kawo sikanafanane ndi ka a khansa enieni. Chiganizo ngati chimenecho chimaposa tsamba lonse la mawu oyamba.

Chidule cha Methods chisapitirire ziganizo zisanu kapena zisanu n'chimodzi, m'mawu a tsiku ndi tsiku. Cha pepala lija chingamveke chonchi: anatenga odwala khansa ya m'mapapo m'zipatala za ku London, aliyense anamuyerekeza ndi wodwala wina wopanda khansa wa msinkhu wofanana, onse anafunsidwa pamaso za kusuta kwawo kwakale, wosuta anali wa ndudu imodzi pa tsiku kwa chaka, ndipo popeza anayambira pa odwala, zotsatira zikuonetsa kuti kusuta kunali kofala bwanji m'magulu awiriwo, osati kuti osuta angati amadwala. Pambali pa chiganizo chilichonse ikani nambala ya tsamba, kuti akafunsidwa aloze.

Ndime yomaliza ija ya masamu, yodzaza mayina a mayeso ndi mapulogalamu monga SPSS kapena Stata, iyo muidumphe ndithu, ngakhale ndanena kuti kudumpha n'koopsa. Chaka choyamba angodziwa kuti anayerekeza chiyani ndi chiyani, komanso zimene anachotsera mphamvu, monga msinkhu. Akaona p < 0.05 asalembe kuti "zatsimikizika", alembe kuti kusiyana kotereku sikukanaoneka kawirikawiri magulu akanakhala ofanana.

Komanso kunena zoona achimwene, musamupatse chidule cholembalemba. Lembani chanu mubise, iye mumupatse mafunsowo, akhale ndi Methods yokha kwa theka la ola, kenaka akufotokozereni pakamwa pepala litatsekedwa. Akakakamira pa funso la poyambira, mutsegulireni ndime yoyamba yokha awerengenso mokweza.